Mwambi umene agogo anabisa m'zilembo, tanthauzo lake n'lotani?

Nabanda: Abale, ndithandizeni. Malemu agogo anga aamuna anali mphunzitsi, ndipo kumapeto kwa buku lawo la nyimbo analembera bambo anga mzere uwu pamene ankachoka kumudzi kupita kukagwira ntchito ku Harare:

```
TBXPX BX PH'CPX YXFJVQDX T'KRQBS VQTCKRQ
```

Bambo amangoti ndi mwambi, koma anaiwala kuti ndi uti. Ndinamva kuti chilembo chochuluka chimakhala E, koma ndikaika E pa X palibe chikutuluka. Ndikufunitsitsa kudziwa chimene ankawauza.

Wa ku Ntcheu: Chemwali, n'zosavuta izi, zilembo anangozisuntha ndi malo atatu. X ndi A.

Aphiri: Zoti X ndi A mwalasa, achimwene, koma zosunthazo ayi. Mukasuntha zonse ndi malo atatu, mawu oyamba akukhala WEASA, omwe si mawu. Apa chilembo chilichonse chili ndi choimira chakechake. Za E zija, mayi Nabanda, n'za Chingerezi. M'Chichewa chochuluka ndi A. Werengani: zilembo zonse ndi 33, X yatuluka kasanu ndi kamodzi, Q kanayi. Onaninso mathero a mawu. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho X, S ndi Q zili m'gulu limeneli.

Koma pa mzere waufupi chonchi kuwerenga kokha kumanyenga. T, B ndi P zonse zatuluka katatu, simungazisiyanitse. Chimene agogo anatisiyira ndi tizizindikiro tam'mwambato. Kachizindikiro kakabwera pambuyo pa zilembo ziwiri zoyamba, monga PH', nthawi zambiri amakhala ng' wa ng'ombe ndi ng'oma. Ndiye P ndi N, H ndi G. Kakabwera pambuyo pa chilembo chimodzi, monga T', amakhala m' kapena n'. Poti N tamupeza kale, T ndi M.

Nabanda: Ndalowetsa, zatuluka chonchi:

```
M?ANA ?A NG'?NA ?A?????A M'????? ??M????
```

Mawu achiwiriwo ndi ya, za, pa kapena la?

Aphiri: Paokha angakhale alionse mwa amenewo, mpake kukayika. Koma B yemweyo ali m'mawu oyamba, ndipo "myana" kapena "mpana" sizimveka. Ndi mwana wa. Mwana wa ng'?na ndiye ng'ona, C ndi O. Tsopano yang'anani KRQ, yabwera kawiri: poyamba pa mawu achisanu, kenaka pothera pa omaliza. Omalizawo ali ??MO??? ndipo Q ili pachiwiri ndi pamapeto. Muyese I pa Q, mupeza limodzi, ndipo achisanu akhala m'dziw?, kumene ng'ona imakhala. Otsalawo akhala ?A??LI?A, ndipo amene amaudziwa mwambiwu amaliza yekha:

```
MWANA WA NG'ONA SAKULIRA M'DZIWE LIMODZI
```

Zilembo Y, F ndi J zinatuluka kamodzikamodzi, ndiye sindinazipeze powerenga, ndazipeza chifukwa mwambiwu ndinaumvapo. D yekha ndi amene ali ndi umboni pang'ono, chifukwa m'kalembedwe kathu R amakonda kutsatira I kapena E.

Nabanda: Misozi yalengeza, zikomo kwambiri. Koma mwambiwu sindinaumvepo. Kodi ankawadalitsa kapena kuwachenjeza?

Gogo Nasibeko: Mwana wanga, kwathu ku Dedza timati "sakulira dziwe limodzi", popanda m' uja. Dziwe ndi malo akuya mumtsinje, pamene madzi amadekha, ndipo ena saphwa ngakhale m'chilimwe. Kang'ona kakamakula kamasiya dziwe lobadwira n'kukasaka chakudya kwina. Akulu ankanena mawuwa kwa mnyamata wopita kutali, kuti nzeru sizipezeka pakhomo pa amako pokha. Agogo akowo ankamumasula mwana wawo kuti apite ndi mtima umodzi.

Wa ku Ntcheu: Ine ndinaumva mosiyana, agogo. Mayi anga atamwalira ndinaleredwa kwa amalume, kenaka kwa azakhali ku Balaka, ndipo anthu ankanditonthoza ndi mawu omwewa, kuti mwana amakulira m'manja ambiri. Za ulendo wa ntchito sizinkatchulidwa.

Gogo Nasibeko: Pepa mwanawe. Mwina kwanuko amaugwiritsa ntchito chomwecho, sindingakutsutse. Koma bwanji anasankha ng'ona, osati nsomba? Ine ndimaona ngati akunena za mwana wolimba, wotha kudziteteza kumene wapita.

Aphiri: Za m' uja, mwina agogo anamuika dala kuti mwana wawo apeze poyambira. Pakanapanda iyeyo, T tikanamupezabe kudzera pa mwana, koma mochedwerapo.

Nabanda: Bambo anakula ndi mayi owapeza, ndiye zonse ziwiri zikuwakhudza. Loweruka ndipita kukawawerengera, ndimve kuti iwo anena kuti chiyani.