Thandizeni: pa tchati cha ntchito yomanga nyumba, ntchito zochedwetsa zonse ndizidziwa bwanji?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndangoyamba kumene ntchito pa saiti ngati wothandiza foromani. Abwana andipatsa pepala la tchati cha Gantt, chija cha mizere yopingasa, mayina a ntchito kumanzere, masiku pamwamba. Akuti pofika Lolemba ndiwauze kiritiko pafi ya nyumbayi. Ndinangovomera, koma kunena zoona sindikudziwa poyambira. Chithunzi sichikuoneka bwino, ndiye ndalemba zomwe mizereyo ikusonyeza:

Kukumba maziko, tsiku 1 mpaka 4
Konkire ya maziko mpaka silabu, 5 mpaka 12
Makoma mpaka bimu, 13 mpaka 27
Kupanga mafelemu a mawindo ndi zitseko kwa wowotcherera, 13 mpaka 30
Sepitiki thanki, 13 mpaka 24
Denga, 28 mpaka 34
Mapaipi a magetsi m'makoma, 28 mpaka 31
Kuika mafelemu, 31 mpaka 33
Pulasitala, 35 mpaka 44
Penti, 50 mpaka 55

Panopa tili pa makoma. Wowotcherera wanena kuti achedwa ndi masiku 4, wamagetsi naye akuti abwera mochedwa ndi masiku 2. Ndani mwa awiriwa amene atipweteke? Komanso pakati pa 44 ndi 50 palibe mzere uliwonse, kodi ameneyo ndi mpata woti tingabwezerepo masiku otayikawo?

Kalipentala:
Achimwene, apa palibe chovuta. Yang'anani mzere wautali kuposa yonse, umenewo ndiye wolamulira ntchito. Pa tchati chanu ndi wa mafelemu, masiku 18. Mukawauze abwana zimenezo basi.

Mayi Womangitsa:
Ine ndimayesa mawu oti kiritiko pafiwo akutanthauza ntchito yoopsa kwambiri, yoti ikalakwika nyumba imagwa. Ndiye ndi maziko amenewo. Ine anandikumbira osaya, pano khoma lakuchipinda lang'aluka kuchokera pansi mpaka pa windo. Mwana wanga, uziyang'anitsitsa maziko.

Injiniya Wopuma:
Mayi, pepani ndi khoma lanulo, koma zimene akufunsa mnyamatayu ndi za nthawi, si za kulimba kwa nyumba. Ntchito ikhoza kukhala yaing'ono ngati kupaka penti koma n'kukhala yomwe ikugwira tsiku lomaliza.

A Kalipentala, mwayandikira koma mwaphonya. Kiritiko pafi si mzere umodzi wautali, koma unyolo wautali kuposa wonse wa ntchito zodikirana, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Vuto la tchati ngati ichi ndi lakuti chimangosonyeza kuti ntchito iyamba liti ndipo itha liti, sichinena kuti ikudikira chiyani. N'zosadabwitsa: matchati a Henry Gantt ndi a cha m'ma 1910, pomwe kawerengedwe ka kiritiko pafi kanabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ndiye pepalalo mulibe mivi yolumikiza ntchito, muyenera kuijambula nokha ndi pensulo.

Ine ndimayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Ikani chala pa mzere wothera kutali kwambiri kumanja, womwe ndi penti, tsiku 55. Funsani kuti, kodi n'chiyani chikuletsa penti kuyamba msanga? Ndi pulasitala, yomwe iyenera kutha ndi kuuma. Nanga pulasitala ikudikira chiyani kuti iyambe pa 35? Ikudikira zitatu: denga, mapaipi a magetsi ndi mafelemu. Mapaipi akutha pa 31, mafelemu pa 33, denga pa 34. Chomaliza kutha ndiye chomwe chagwira pulasitala, choncho tsatani denga. Denga likuyamba pa 28 chifukwa makoma atha pa 27. Makoma akudikira silabu, silabu ikudikira kukumba.

Unyolo wanu ndi umenewo: kukumba 4, maziko ndi silabu 8, makoma 15, denga 7, pulasitala 10, kuuma 5, penti 6. Mukaphatikiza mupeza 55, chimodzimodzi ndi tsiku lomaliza la pa tchati. Akanapanda kufanana, mukanadziwa kuti penapake mwalumpha ntchito kapena mwatsata nthambi yolakwika.

Wofunsa:
Zikomo bambo, ndayesa ndi pensulo ndipo zikutuluka. Koma masiku 5 aja mwawawerengera ngati ntchito, pomwe palibe amene akugwira kanthu. Ine ndimaganiza kuti tingowadula.

Injiniya Wopuma:
Musawadule musanafunse amene analemba tchaticho. Malo opanda kanthu pa tchati amakhala a mitundu iwiri, ndipo pa pepala amaoneka chimodzimodzi. Ena ndi mpata weniweni, monga pakati pa mapaipi a magetsi, omwe akutha pa 31, ndi pulasitala yoyamba pa 35. Masiku 32, 33 ndi 34 wamagetsi akhoza kuwadya popanda kusokoneza aliyense. Ena ndi kudikira kokakamizidwa. Pakati pa 44 ndi 50 palibe ntchito ina imene penti ikudikira, ndiye chifukwa chokhacho chomveka ndi chakuti khoma liume. Mukapaka penti pa pulasitala yonyowa imatupa n'kumasendeka, kapena kutuluka mawanga oyera ngati mchere. Ndipotu masiku 5 ndi ochepa, opanga penti ambiri amafuna ochuluka kuposa apo, muwerenge zolembedwa pa chitini.

Tibwere ku anthu anu awiri aja. Wamagetsi ali ndi mpata wa masiku 3, akuchedwa ndi 2. Ayamba pa 30, atha pa 33, pulasitala iyamba pa 35 monga kale. Ameneyo musataye naye tulo.

Wowotcherera ndi nkhani ina. Werengani nthambi yake: kukumba 4, silabu 8, kupanga mafelemu 18, kuika 3, pulasitala 10, kuuma 5, penti 6. Zikukwana 54. Yafupika ndi tsiku limodzi lokha poyerekeza ndi 55 uja, kutanthauza kuti mpata wake ndi tsiku limodzi. Akachedwa ndi masiku 4, mafelemu afika pa 34, kuika kukhala 35 mpaka 37, pulasitala iyamba pa 38 m'malo mwa 35. Nyumba itha pa 58. Mwataya masiku 3, osati 4, chifukwa limodzi lamezedwa ndi mpata uja.

Chimene ambiri sachiona ndi ichi: kuyambira pamenepo unyolo wasamuka. Denga silikugwiranso pulasitala, tsopano lili ndi mpata wa masiku 3. Abwana anu akapsa mtima n'kuwonjezera akalipentala kuti denga lithe msanga, angowononga ndalama, tsiku lomaliza silisuntha ngakhale pang'ono.

Kalipentala:
Mwaonatu! Ndinanena ine kuti ndi mafelemu.

Injiniya Wopuma:
Mwalasa mwangozi, achimwene. Wowotcherera akanasunga tsiku lake, mafelemu sakanakhala pa unyolowo ngakhale mzere wake uli wautali chotero. Onaninso sepitiki thanki: masiku 12, yaitali kuposa denga, koma ikutha pa 24 ndipo palibe ntchito yoidikira mpaka popereka nyumba. Pa pepala ili ndi mpata wa masiku 31.

Foromani wa Nyumba Zosanja:
Ndikugwirizana ndi mawerengedwe a bambo Injiniya, koma pa sepitiki ndili ndi mawu. Mphwanga, funsa kuti akumanga sepitikiyo ndi ndani. Ngati ndi gulu lomwelo la amisiri amene akumanga makoma, tchati chako chikunama, chifukwa chaika anthu omwewo malo awiri kuyambira 13 mpaka 24. Zinandichitikira pa ntchito ina: pepala linkati zonse zili bwino, koma tsiku lililonse amisiri awiri anali m'dzenje, makoma akukwera pang'onopang'ono, ndipo tinazindikira sabata itapita kale. Ntchito ya mpata waukulu inadya ntchito yopanda mpata. Ngati ndi choncho, kankhira sepitiki kutsogolo, aimange pamene akalipentala ali padenga, omanga alibe chochita.

Ndipo sindikuvomereza kuti pulasitala yonse idikire mafelemu. Ife timayamba ndi makoma opanda mawindo, kapena kupaka n'kusiya m'mphepete mwa zibowo, n'kudzamalizitsa mafelemu akalowa. Masiku 3 amenewo sangatayike onse.

Injiniya Wopuma:
Za sepitiki mwanena zoona a Foromani, mapepala sawerenga manja. Za pulasitala ndimakayika. Zigamba za m'mphepete mwa windo zimaoneka pansi pa penti, ndipo nthawi zambiri mpamene ming'alu imayambira. Komanso zigambazo zimafuna masiku awo ouma, ndiye penti ya pamenepo ichedwabe. Koma ngati mwasankha kutero, musangochita pakamwa. Dulani mzere wa pulasitala pawiri pa tchatipo, gawo losadikira mafelemu ndi gawo lodikira, lililonse ndi masiku ake, n'kuwerenganso unyolo.

Foromani wa Nyumba Zosanja:
Mmisiri wodziwa ntchito zigamba zake simungazione, bambo. Apa tisiyana maganizo.

Mtsikana wa mu Ofesi:
Ine ndingowonjezera za kompyuta. Funsani ngati tchaticho chinapangidwa mu Microsoft Project. Ngati ndi choncho, pemphani fayilo yeniyeniyo osati pepala. Danga la Predecessors limasonyeza ntchito imene iliyonse ikudikira, ndipo mukawonjezera danga la Total Slack muona mpata wa ntchito iliyonse. Zomwe zili ndi 0 ndi zomwe zili pa unyolo, ndipo mukachonga Critical Tasks zimasanduka zofiira. Koma chenjerani, ngati wolembayo anangotayipa masiku osalumikiza ntchito, zofiirazo n'zopanda tanthauzo. Ngati ndi Excel yongopaka mitundu m'timabokosi, bwererani ku pensulo ya bambo Injiniya.

Wofunsa:
Ndafunsa, ndi Excel yopaka mitundu. Sepitiki akumanga ndi anthu ena, ndiye pamenepo tapulumuka. Koma ndapeza china: masiku a pa tchati ndi ogwira ntchito okha, Loweruka ndi Lamlungu mulibe. Nanga khoma silimauma Lamlungu?

Injiniya Wopuma:
Limauma ndithu, funso labwino. Kudikira kotereku kumawerengedwa ndi masiku a pa kalendala. Masiku 5 ogwira ntchito ndi sabata yathunthu, masiku 7. Ngati wolemba tchati ankafuna masiku 5 enieni, ndipo Loweruka ndi Lamlungu zagwera mkati mwake, mukhoza kupezapo masiku awiri. Ngati ankafuna sabata yathunthu, palibe chopeza. Mufunseni, ngakhale ine sindingafupikitse pamenepo.

Lolemba mukatenge pepalalo ndi mivi yanu ya pensulo, muwaonetse 55 ndi 54, kenako 58. Musanapite, muimbireni wowotcherera mumufunse ngati angabweretse mafelemu amene atha kale pofika tsiku 30, kuti oika ayambe ndi amenewo pomwe iye akumaliza otsalawo.

Wofunsa:
Ndamuimbira. Akuti a zitseko atha kale, otsala ndi a mawindo. Sanandiuze kuti ndi angati, ndipita ndekha mawa ndikawerenge.