Ndinalipira pa tsiku lake koma andilemberanso chindapusa: kodi manambala awa anawapeza bwanji?

Mayi wosoka wa ku Ndirande:
Abale ndi alongo, ndikupempha amene amadziwa kuwerenga sitetimenti ya ngongole kuti andithandize, chifukwa mutu wanga waima. Ndinatenga ngongole ya K600,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuno ku Blantyre kuti ndigule makina osokera achiwiri ndi nsalu. Tinagwirizana kuti mwezi uliwonse pa 5 ndizibweza K100,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja cha 5 peresenti pa ngongole yotsala. Miyezi iwiri yoyamba ndinalipira bwinobwino mpaka ngongole inatsala K400,000. Mu Meyi ndinachedwa pang'ono chifukwa sukulu ina imene ndinaisokera mayunifolomu sinandilipire msanga, komanso mlamu wanga amene anandisainira ngati mboni anabwereka ndalama yanga ya lendi ndipo mpaka lero amandizemba. Komabe ndinalipira K120,000 yonse, ndipo mu Juni ndinalipira K115,000 pa tsiku lake lenileni. Ku ofesi kwawo mtsikana wa pa kauntala anangondiponyera pepala ili osandifotokozera kanthu:

```
Interest          20,000
Late fee           5,000
Penalty interest   4,800
Payment          120,000
Interest          15,490
Penalty interest     621
Payment          115,000
Late fee           5,000
Arrears           15,911
```

Kodi K15,911 imeneyi yachokera kuti pamene ine ndinalipira zonse zimene tinagwirizana?

Mkulu wa ku Chilomoni:
Amayi, musavutike ndi kuwerengetsa chifukwa mabungwe amenewa ndi akatapila ovala tayi basi. Amalemba nambala iliyonse imene yawabwerera m'mutu podziwa kuti munthu wamba sangafunse. Ine ndakhala ndikunena kuti chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wobwereketsa ndalama akufuna kubwezera zimene anataya pamsana pa osauka. Musalipire ngakhale tambala imodzi ya K15,911 imeneyo.

Mlembi wa zachuma wa ku Limbe:
Amayi, mwakopera manambala koma mwasiya madeti, pamene chindapusa cha mtundu umenewu chimawerengedwa ndi masiku. Tiuzeni tsiku limene lalembedwa pambali pa mzere uliwonse, makamaka tsiku limene K120,000 inalowa, ndiponso zimene pangano limene munasaina likunena pa nkhani ya kuchedwa kulipira.

Mayi wa banki mkhonde wa ku Bangwe:
Achemwali, mukanabwera ku banki mkhonde zonsezi sizikanakuonekerani. Kwathu munthu akachedwa amalipira chindapusa chimodzi chimene tonse tinagwirizana, ndipo ndalamayo timadzagawana pakutha pa chaka. Ineyo bungwe lina linanditengera firiji imene ndinaika ngati chikole chifukwa cha ngongole yochepa kwambiri, ndipo amuna anga sanandilankhule mpaka Khirisimasi.

Mnyamata wa ku Zingwangwa:
Ine ndaona kuti vuto lenileni pano ndi mlamu wanuyo. Mutumizireni sitetimentiyi kuti naye aone dzina lake likuyandikira kwa wolanda katundu, mudzaona kuti ndalama ya lendi ibwera isanakwane nthawi ya nkhomaliro.

Mayi wosoka wa ku Ndirande:
Pepani, madeti sindinawaone ngati ofunika. K5,000 yoyamba yalembedwa pa 6 Meyi, K4,800 ndi K120,000 zalembedwa pa 17 Meyi, K15,490, K621 ndi K115,000 zili pa 5 Juni, ndipo K5,000 yachiwiri ili pa 6 Juni. Pangano lili kwa mlamu wangayo, amene analitenga kuti akalijambulitse ndipo sanabweze.

Mphunzitsi wa masamu wa ku Machinjiri:
Tsopano zikuoneka. Kuchokera pa 5 Meyi kufika pa 17 Meyi ndi masiku 12, ndipo K4,800 tikaigawa ndi 12 ikutipatsa K400 pa tsiku, imene ndi K12,000 pa mwezi wa masiku 30. K12,000 ndi 3 peresenti ya K400,000, choncho anthuwa anakulipiritsani chindapusa pa ngongole yonse yotsala m'malo mwa ndalama imene munachedwa nayo yokha. Kumeneko ndiye kulakwa kwawo.

Mkulu wa ku Chilomoni:
Mwamva zimene aphunzitsi anena? Ndimanena ine kuti ndi kuba koonekeratu, koma anthu ena pano amakonda kuikira kumbuyo mabungwe ngati kuti amawalipira.

Mlembi wa zachuma wa ku Limbe:
Aphunzitsi, K400 pa tsiku mwaipeza bwino, koma mwafulumira kugamula. K12,000 pa mwezi ikhoza kukhala 3 peresenti ya K400,000 monga mwanenera, komanso ikhoza kukhala 10 peresenti ya K120,000 imene amayiwa anayenera kulipira pa 5 Meyi. Mzere umodzi wokhawo sungatiuze kuti njira yake inali iti, choncho tiyenera kuyesa njira zonse ziwiri pa mzere wachiwiri wa K621. Kuchokera pa 17 Meyi kufika pa 5 Juni ndi masiku 19. Chikhala kuti amawerengera pa ngongole yonse yotsala, imene inali yopitirira K300,000, chindapusa cha masiku amenewo chikanayandikira K6,000. Koma K621 tikaigawa ndi 19 ikutipatsa pafupifupi K33 pa tsiku, imene ndi K980 pa mwezi, ndipo K980 ndi 10 peresenti ya K9,800. Ndiye kuti chindapusa ndi 10 peresenti pa mwezi, chowerengedwa tsiku ndi tsiku pa ndalama imene yapitirira nthawi yokha.

Funso lenileni ndi lakuti K9,800 imeneyi inachokera kuti, ndipo yankho lake lili m'mene anagawira K120,000 ija italowa. Amayi, inu mumtima mwanu munkalipira K100,000 ya ngongole ndi K20,000 ya chiwongoladzanja, koma makina awo sanaigawe choncho. Anayamba achotsa K5,000 ya kuchedwa, kenaka K4,800 ya chindapusa cha masiku 12, kenaka K20,000 ya chiwongoladzanja, ndipo imene inatsala kuti ipite ku ngongole yeniyeni inali K90,200. Motero gawo la Meyi linaperewera ndi K9,800, ndipo ngongole yanu inatsikira pa K309,800 osati pa K300,000 monga munkaganizira. Umboni wake uli pa mzere wa K15,490, chifukwa imeneyi ndi 5 peresenti ya K309,800 ndendende, pamene inu munkayembekezera K15,000.

Mkulu wa ku Chilomoni:
Masamu onsewa ndi ongokometsera kuba. Munthu walipira pa tsiku lake mu Juni, ndiye K5,000 yachiwiri ikulowa bwanji? Yankhani pamenepo, achimwene a ku Limbe, osati kutizunguza ndi maperesenti. Ine mu nthawi yathu munthu ukalipira ngongole ankakupatsa risiti n'kukuthokoza.

Mlembi wa zachuma wa ku Limbe:
Abambo, sindinanene kuti zimene anachitazo n'zachilungamo, ndangoonetsa mmene manambalawo anawapezera. Pa 5 Juni amayiwa ankafunika kulipira K100,000 ya mwezi umenewo, K15,490 ya chiwongoladzanja, K9,800 yotsalira ya Meyi ndi K621 ya chindapusa chake, zonse pamodzi K125,911. Iwo analipira K115,000, ndiye panatsala K10,911. Popeza tsiku linadutsa akaunti isanakwanire, makina anaonjeza K5,000 ina pa 6 Juni, ndipo K10,911 kuphatikiza K5,000 ndi K15,911 imene ili pansi pa pepalalo. Choopsa n'chakuti mu Julaye akadzangolipiranso ndalama ya mwezi umenewo yokha, ngakhale pa tsiku lake, K5,000 yachitatu idzabwera mwa njira yomweyi.

Mphunzitsi wa masamu wa ku Machinjiri:
Ndavomera pa nkhani ya K621, koma pali chimene sindikugwirizana nacho. Mu K120,000 imene anaiika 10 peresenti ija muli K20,000 ya chiwongoladzanja, kutanthauza kuti amayiwa alipira chiwongoladzanja pa chiwongoladzanja chinzake. Akanawerengera pa K100,000 yokha, masiku 12 akanakwana K4,000 osati K4,800. Komanso kulipiritsa munthu K5,000 ndi 10 peresenti pa kuchedwa kumodzi komweko ndi kumulanga kawiri.

Mlembi wa zachuma wa ku Limbe:
Pamenepo mwafunsa bwino, aphunzitsi, ndipo sitetimenti singayankhe. Yankho lili m'pangano: ngati likunena kuti chindapusa chili pa gawo lonse la mwezi kapena pa ngongole yeniyeni yokha, ngati likulola zindapusa ziwirizo nthawi imodzi, ngati limapereka masiku owonjezera chindapusa chisanayambe, ndiponso ngati likunena chimene chimayamba kuchotsedwa ndalama ikalowa. Chimene palibe m'panganolo ndi chimene amayiwa angakanire.

Mayi wosoka wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri abambo a ku Limbe. Koma ndayang'ana pa foni yanga ndipo uthenga ukuonetsa kuti K120,000 ija ndinaitumiza kudzera kwa ejenti pa 15 Meyi madzulo, osati pa 17 monga alembera. Kodi zimenezi zili ndi kanthu?

Mkulu wa ku Chilomoni:
Mwaona tsopano! Anasunga dala ndalamayo masiku awiri kuti chindapusa chikule. Amayi, pitani ku polisi lero lomwe, ndipo ine ndili wokonzeka kukuperekezani.

Mayi wa banki mkhonde wa ku Bangwe:
Abambo a ku Chilomoni, apolisi adzangowauza kuti nkhani ya ngongole si yawo. Inu simunatengeredwepo katundu, n'chifukwa chake mukuwauza kuti asalipire. Amene ati adzataye makina osokera ndi iwowo, osati inu.

Mlembi wa zachuma wa ku Limbe:
Amayi, zili ndi kanthu koma ndalama yake ndi yochepa. Masiku awiri pa K400 ndi K800, ndipo ikachotsedwa, yotsalira ya Meyi idzakhala K9,000 m'malo mwa K9,800, motero chiwongoladzanja cha Juni chidzatsika ndi K40. K5,000 ziwiri zija sizisuntha chifukwa munali mutachedwa kale. Musafufute uthengawo. Lembani kalata yopempha kuti akonze tsikulo, akupatseni pepala lina la pangano, ndiponso akulembereni mmene anagawira ndalama iliyonse imene munalipira, ndipo kalata ina yofanana nayo aidinde kuti mutsale nayo. K5,000 yachiwiri mukhoza kupempha kuti aichotse popeza palibe amene anakuuzani za K9,800. Akakana kukuyankhani, mabungwe obwereketsa ndalama amene ali ndi chiphaso amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo dandaulo lanu likhoza kupita kumeneko. Pakali pano chindapusa chikupitirirabe, pafupifupi K36 pa tsiku ngati akuwerengera pa K10,911, kapena K53 ngati aphatikizamo ndi K5,000 ija, choncho musanalipire afunseni ndalama yeniyeni ya tsiku limenelo kuti pasatsalenso kanthu.

Mkulu wa ku Chilomoni:
Ndiye kuti mukuwauza kuti alipire kaye kenaka adandaule pambuyo? Ndalama ikalowa kumeneko sibwereranso, ndipo ine ndaima pomwepo.

Mayi wosoka wa ku Ndirande:
Mawa m'mawa ndipita ku ofesi kwawo ndi kalatayo. Koma ngati ndingapeze K10,000 yokha sabata ino, kodi ndiipereke kapena idzangothera ku chindapusa ngati mmene zinachitikira mu Meyi?