Thandizeni, magemu a mwana akundidyera ndalama pa khadi

Make Tadala: Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Rosettenville. Lachiwiri lililonse pa khadi langa pakuchoka R89.99, pa sitetimenti palembedwa GOOGLE kenako dzina la gemu. Masabata asanu tsopano, ndalama yoti ndikanatumizira amayi ku Mangochi. Mwana wanga wa zaka 9 akuti anangodina poti "free trial". Gemuyo ndinaichotsa mu foni koma dzulo adulanso. Ndipange bwanji?

Achimwene a ku Yeoville: Imeneyo ndi debiti oda, mayi. Lowani mu apu ya banki muibweze, ine ndinatero ndi anthu a inshuwalansi.

Nachisale: Ayi achimwene, izi ndi zosiyana. Debiti oda imadula pa nambala ya akaunti, pomwe iyi ikudula pa khadi ngati mwagula katundu, ndiye pamndandanda wa madebiti oda simuipeza. Make Tadala, kuchotsa gemu mu foni sikuletsa kanthu, mgwirizano uli pa akaunti ya Google. Tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pamwamba, pitani pa Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Sankhani gemuyo mudine Cancel subscription, mupitirize mpaka ikuonetseni tsiku lothera.

Make Tadala: Ndalowa anti, koma mulibe chilichonse. Mbee!

Nachisale: Ndiye kuti anagulira pa imelo ina. Zimenezi zimasokoneza anthu ambiri. Kodi khadi lanulo simunaliikepo pa tabuleti kapena foni yakale? Yang'anani maimelo onse a m'nyumbamo, mupeze lisiti yokhala ndi nambala yoyamba ndi GPA. Imelo yomwe ikulandira malisitiwo ndi yomwe mulowe nayo poletsa.

Bambo a Yamikani: Ine ndinangotseketsa khadi n'kutenga latsopano. Mwana ndamulanda foni mpaka Disembala, sindinamwe madzi tsiku limenelo.

Nachisale: Zinakuyenderani bambo, koma si nthawi zonse. Pena banki imapereka yokha nambala yatsopano kwa odulawo. Ndipo mukangoika khadi lina pa akaunti yomweyo musanaletse, akhoza kuyambiranso.

Make Tadala: Ndaipeza! Inali pa tabuleti, imelo ya bambo ake. Ndaletsa. Nanga R449.95 yangayo ibwerera? Kapena ndikanene ku banki kuti andibera?

Nachisale: Musatero. Sanakubereni akuba, wagula ndi mwana wa m'nyumba, ndipo kubweza kudzera ku banki kukhoza kutseketsa zogula pa akauntiyo. Pemphani kwa Google komweko kuti akubwezereni, munene zoona kuti anagula mwana mosadziwa. Ya dzuloyo ili ndi mwayi chifukwa maola 48 sanakwane, ndiye chitani lero. Zinayi zakalezo mulembere eni gemu, koma musaziwerengere. Mukatero mu Settings za Play Store muike zoti izifunsa pasiwedi pa kugula kulikonse.

Make Tadala: Vuto pasiwediyo Tadala amaidziwa kuposa bambo ake.

Achimwene a ku Yeoville: Nanga wa iPhone njira yake ndi yomweyi? Mlamu wanga akumudula ndi APPLE.COM/BILL.