Zotsatira za nkhani ya matailosi a m'bafa

Funso langa lija linali lakuti: "Mwini nyumba ku Chelstone wandipempha kuti ndiike matailosi m'bafa, pomwe tinagwirizana za pabalaza pokha. Kodi ndimuuze bwanji kuti ntchitoyi ili ndi mtengo wake?"

Ndinakumana nawo pamalo a ntchito, nditatenga pepala la mgwirizano lomwe tonse tinasainira, ndipo ndinawaonetsa mzere wonena kuti ntchito ndi ya pabalaza, masikweya mita 30. Ndinati, "Amayi, bafa ndingalikonze bwino lomwe, koma silili m'pepalali, choncho ndiloleni ndiliyeze kuti ndikulembereni mtengo wake padera."

Poyamba anakhumudwa, poganiza kuti malo aang'ono chotero ndi ongomalizira ndi zotsala. Tinalowa m'bafamo limodzi, ndipo ndinawaonetsa kuti pansi pafunika kupendeketsa kuti madzi azitsetserekera kudzenje lotulukira, komanso kupaka mankhwala oletsa madzi kulowa m'khoma, zomwe pabalaza sizifunika. Apa ndi pomwe mtima wawo unatsika.

Papepala latsopano ndinalekanitsa mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito ya manja, ndinalembanso kuti tsiku lomaliza lisuntha. Sindinagule ngakhale thumba limodzi la simenti asanasainire ndi kupereka theka la ndalamazo.