Thandizo: kulekanitsa timapepala tokhomedwa pa bolodi mʼchithunzi

Moni nonse. Ndili ndi chithunzi cha bolodi la zidziwitso lokhala ndi timapepala 40, ndipo ndikufuna kuti mawu a pa kapepala kalikonse atuluke paokha. Tesseract ikulumikiza mizere ya timapepala toyandikana ngati chiganizo chimodzi, ndipo nditasintha kuchoka pa `--psm 3` kupita pa `--psm 11`, yangomwaza mawuwo.

Ndinayesanso `cv2.findContours` mu OpenCV nditasandutsa chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera, koma pamene mapepala asanjikizana, malire akusowa ndipo atatu akuoneka ngati limodzi. Mitu ya mapini nayonso ikuwerengedwa ngati chilembo O.

Kodi mapepala oyera osanjikizana ndingawalekanitse bwanji ndisanayambe kuwerenga mawu, poti chowasiyanitsa ndi kamthunzi kakangʼono kokha mʼmphepete?