Ndasintha “gulu” kukhala “bungwe”, zilembo zazikulu zonse zatha

Mai Tembo, Kamwala: Anzanga otayipa, ndithandizeni msanga. Alimi ena a ku Chongwe anandipatsa buku la malamulo awo, masamba 46, ndipo lili mu Google Docs. Anati paliponse pamene pali “gulu” palembedwe “bungwe”. Ndinadina `Ctrl+H`, ndalemba mawu awiriwo, ndadina `Replace all`, malo 214 asintha nthawi imodzi. Manje ndikuona kuti mutu umene unali MALAMULO A GULU wakhala MALAMULO A bungwe, ndipo ziganizo zoyamba ndi Gulu zikuyamba ndi b wamng'ono. Eni ake abwera mawa 9 koloko kudzatenga makope 30.

Chikondi, Matero: Amai, bwerezani koma pansipo mulembe Bungwe, B wamkulu. Zitheka.

Bambo Zulu, Cairo Road: Ayi Chikondi, zimenezo zikonza zoyambira ziganizo zokha, koma ziwononga zapakati. Padzatuluka “ndalama za Bungwe lathu”, ngakhalenso “maBungwe”.

Mai Tembo, choyamba musakonze chilichonse ndi manja. Pamene zilembo zazikulu zafafanizika, makina sadziwanso kuti panali Gulu kapena GULU, zonse akuziona ngati bungwe mmodzimodzi. Bwererani kumene munachokera. Ngati fayilo ikadali yotsegula, `Ctrl+Z`. Ngati munatseka, pitani pa `File`, kenako `Version history`, musankhe ya musanasinthe, muibwezeretse.

Chimene chachitika n'chakuti kabokosi ka `Match case` kanali kosachonga. Kakakhala choncho, posaka makina salabadira kukula kwa zilembo, ndiye gulu, Gulu ndi GULU onse awagwira. Koma polemba, Google Docs imaika ndendende chimene inu munatayipa m'kabokosi kapansi. Kusaka ndi kulemba ndi ntchito ziwiri, ndipo kabokosi kaja kamalamula kusaka kokha.

Mukabwezeretsa, chongani `Match case` muyende katatu:

```
GULU  ->  BUNGWE
Gulu  ->  Bungwe
gulu  ->  bungwe
```

Ulendo uliwonse, musanadine `Replace all`, onani nambala imene ikuoneka pambali pa mawu osakawo, muilembe papepala. Manambala atatuwo mukawaphatikiza ayenera kukwana 214. Akapanda kukwana, pali ena amene atsala.

Mai Banda, Chilenje: Ine sindivutika choncho. Ndimasankha mawuwo, `Shift+F3`, zilembo zakula.

Chikondi, Matero: Ija ndi ya mu Word, amai, komanso imasintha mawu amene mwasankha okha. Iwowa afunika kuyamba apeza malo onse pamasamba 46.

Esnart, Kalingalinga: Koma ba Zulu, ine chinthu chomwechi ndimachita mu Word kamodzi kokha, osachonga kalikonse, ndipo mitu imatuluka bwino. Bwanji katatu?

Bambo Zulu, Cairo Road: Ukunena zoona, Esnart. Word ndi wosiyana. `Match case` ikakhala yosachonga, Word amayang'ana mawu amene wapeza n'kutengera kavalidwe kake. Akapeza GULU alemba BUNGWE, akapeza Gulu alemba Bungwe, bola iwe pansipo utayipe ndi zilembo zazing'ono zokhazokha. N'chifukwa chake ambiri amene tinakulira pa Word timapunthwa tikalowa kwina, tinazolowera kuti makina amatichitira. LibreOffice Writer nayo imaika monga watayipira, ngati Google Docs.

Esnart, Kalingalinga: Ndiye zandikumbutsa zimene zinandichitikira mwezi watha. Kasitomala anafuna SACCO isinthe kukhala “kabungwe ka ngongole”. Word anandilembera KABUNGWE KA NGONGOLE pakati pa ziganizo, chikalata chonse ngati munthu akukuwa. Ndinakonza chimodzichimodzi mpaka usiku.

Bambo Zulu, Cairo Road: Ndi khalidwe lomwelo, koma apo linakutembenukira. Word anaona zilembo zazikulu zokhazokha mu SACCO, ndiye anakuza zonse. Pamenepo ukanachonga `Match case`, chifukwa ikachongedwa Word amasiya kutengera, amalemba chimene watayipa basi. Zikanatsala ndi zoyambira ziganizo zokha, zofuna K wamkulu.

Mai Tembo, Kamwala: Ndabwezeretsa, zikomo. Manambala ndi awa: GULU 12, Gulu 29, gulu 171. Zonse pamodzi 212. Awiri ali kuti?

Bambo Zulu, Cairo Road: Malizani maulendo atatuwo, kenako chotsani chongi pa `Match case` musakenso gulu. Zonse zolembedwa bwino zidzakhala zitapita, otsalawo adzaonekera okha.

Mai Tembo, Kamwala: Ndawapeza. Onse awiri ndi GUlu, wotayipa woyamba anachedwa kuchotsa chala pa `Shift`. Ndawakonza ndi manja. Koma powerenga ndaona china chimene chandidetsa nkhawa kuposa zilembo. Pamutu wa tizilombo ta chimanga pali “abungwegufe amaikira mazira pamasamba”. Anali agulugufe.

Chikondi, Matero: Apo mukanatengera fayilo ku Word n'kuchonga `Find whole words only`. Sakanakhudza agulugufe.

Mai Banda, Chilenje: Iyayi mwana wanga, pa Chinyanja kabokosi ako kamapweteka. Ife mawu athu amamatirira. Kakanasiya magulu, pagulu, gululi, gululo, gulu lokhalo loima palokha ndilo likanasintha. Theka la buku likanati bungwe, theka gulu. Mai Tembo ali ndi mwayi kuti mawu awiriwa amayendera limodzi: magulu apita ku mabungwe, gululi ku bungweli, gulu lathu ku bungwe lathu, osakhudza “la” kapena “li”. Ine ndinasinthapo “gulu” kukhala “komiti”, ndinachita kuwerenga chiganizo chilichonse chifukwa “lathu” anayenera kukhala “yathu”, “lidzakumana” kukhala “idzakumana”.

Bambo Zulu, Cairo Road: Mai Banda alondola, kabokosi ako ndimakasiya ndikamagwira Chinyanja. Mai Tembo, sakani bungweg `Match case` yosachonga, mupeza agulugufe anu onse, aakulu ndi aang'ono. Akakhala ochepa konzani ndi manja. Kenako sakani “bungwe la” ndi “mabungwe a”, muyende chimodzichimodzi ndi `Next`. M'buku la alimi simulephera kupeza gulu la mbuzi kapena magulu a zakudya, ndipo amenewo sali mabungwe.

Esnart, Kalingalinga: N'chifukwa chake ine `Replace all` ndinasiya. Ndimadina `Replace` kamodzikamodzi ndikuona ndi maso, ngakhale akhale 200.

Bambo Zulu, Cairo Road: Pamenepo timasiyana. Pofika malo a 80 maso atopa, chala chikungodina chokha, ndipo zolakwa za kutopa zilibe mawu oti uzisakire. Zolakwa za `Replace all` zimafanana, ukapeza chimodzi wapeza njira yopezera zinzake.

Esnart, Kalingalinga: Bola ngati wachipeza musanapulinte, ba Zulu. Agulugufe aja awaona chifukwa anawerenga.

Mai Tembo, Kamwala: Agulugufe anali 6, abwerera. Gulu la mbuzi ndalipeza kawiri, magulu a mbewu kamodzi. Chatsala ndi “chibungwe cha anthu” pa tsamba 31, chinali chigulu, ndachibweza. Pali chiganizo chimodzi chakuti “mamembala agawidwe m'magulu a anthu khumi”, chimenecho ndaimbira mlembi wawo kuti andiuze yekha, sanayankhe foni. Ndipulinta kope imodzi yokha usiku uno, ndiwerenge ndi cholembera m'manja, makope 30 aja m'mawa.