Ndasemphanitsa zilembo pa tikiti yotuluka kale, ulendo ndi Lolemba: ndiyambire pati?

Wamatikiti Watsopano:
Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Lachiwiri ndinatulutsa matikiti atatu a banja limodzi, bambo, mayi ndi mwana wa zaka 7, onse mu PNR imodzi, kutanthauza bukingi imodzi, m'makina a Amadeus. Maina anandipatsa pafoni. Lero Lachinayi mayi atumiza chithunzi cha pasipoti, ndipo ndaona kuti ndinasemphanitsa zilembo ziwiri pa dzina lawo. Lenilenilo sinditchula, koma tiyerekeze kuti ndi CHIRWA, ine ndinalemba CHRIWA. Mu DOCS, momwe timalembamo za pasipoti, namonso ndinakoperamo lolakwika lomwelo. Akupita ku America, akasintha ndege panjira. Ndege yoyamba ndi ya kampani imene tikiti inatulukira, yachiwiri ikuyendetsedwa ndi kampani ina. Ndingolemba NU yosinthira dzina ija n'kukonza, kapena ndiwononga zambiri?

Chala Chachangu:
Achimwene, musadzidwalitse nazo. Zilembo zikapanda kupitirira zitatu palibe mlandu, amakwera bwinobwino. Ine makasitomala anga angapo anadutsa choncho. Ingokonzani DOCS kuti ifanane ndi pasipoti, basi.

Mayi Wakale Pantchito:
Mwana wanga, chotsani kaye chala pa NU. Ndipo achimwene a Chala Chachangu, nkhani ya zilembo zitatuyo mwaimva theka. Makampani ambiri amati akhoza kukonza dzina ngati cholakwika sichikupitirira zilembo zitatu. Sanena kuti munthu akwere osakonza. Ena saika n'komwe malire a zilembo zitatu, aliyense ali ndi lamulo lake.

Chimene mukuyenera kuona ndi chakuti dzinalo lili malo atatu: mu PNR, pa tikiti yeniyeniyo ya manambala 13, ndi mu DOCS. NU imasintha la mu PNR lokha. Tikiti imatsala ndi dzina lakale lija, ndiye tsiku la ulendo makina akakana kulumikiza bukingi ndi tikiti, mayiwo adzaima pakauntala ngati alibe tikiti. Kukonza DOCS yokha nakonso ndi kupaka utoto pa khoma long'ambika, chifukwa chiphaso chokwerera ndege chidzatulukabe ndi CHRIWA.

Choopsa kwambiri ndi ndege yachiwiriyo. Kampani inayo ili ndi kope lake la bukingi m'makina ake. Uthenga wosintha dzina ukafika kumeneko, ena amauona ngati mwaikapo munthu wina, n'kufufuta mpando. Mudzangoona HK ya mpando wotsimikizika yasanduka HX ya mpando wofufutidwa, ndipo ngati kalasi ya mtengo umenewo yadzaza, mpando sudzabweranso pa mtengo womwewo.

Wamatikiti Watsopano:
Zikomo amayi, chala ndachotsa. Nanga kuvoida? Ndimaganiza zongopha tikitiyo n'kutulutsa ina.

Mayi Wakale Pantchito:
Imeneyo inali njira ya Lachiwiri. Tikiti imavoididwa tsiku lomwelo imene yatuluka, malonda a tsikulo asanatsekedwe ku BSP, kumene maejenti amalipirira makampani a ndege. Mukadaliona dzinalo madzulo a Lachiwiri, bwenzi nkhaniyi itatha popanda wina kudziwa. Panopa yadutsa masiku awiri, chatsala ndi kutulutsanso tikiti mosinthanitsa ndi yakaleyo, ndi chilolezo cha eni tikiti.

Wa Pakauntala:
Ine ndimagwira ntchito yolandira okwera pabwalo la ndege, ndiye ndikuuzeni zimene timaona ife. Pasipoti sitiiwerenga ndi maso okha. Timadutsitsa pamakina mizere iwiri ya m'munsi ija, uliwonse wa zilembo 44, imene inakonzedwa motsatira ICAO Doc 9303. Dzina limene latuluka pamenepo ndi limene timayerekeza ndi la pa bukingi, ndipo ndi limene limatumizidwa kwa akuluakulu oona za olowa m'dziko limene munthu akupita, ndege isananyamuke. Ku America kuli ndondomeko ya Secure Flight, imene imafuna dzina lonse, tsiku lobadwa, ndi ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, kutatsala maola 72 kuti anyamuke. Amayerekeza zimenezo ndi mndandanda wa anthu amene amawakayikira. Ulendo wanu ndi Lolemba, ndiye werengani nokha: mawa Lachisanu ndi pamene maolawo akuyamba.

Anzanu a Chala Chachangu sakunama kuti ena anadutsa. Zimachitika, makamaka ulendo wa ndege imodzi, woyang'anira akavomera. Koma amavomera pabwalo limodzi. Pobwerera mayiwo akakumana ndi munthu wina, wa kampani ina, amene akudziwa kuti akakweza munthu wokakanidwa kutsogoloko kampani yake ilipira chindapusa ndi kumubweza pa ndalama zake. Munthu ameneyo sadzakumverani chisoni inu amene muli kutali.

Bambo Zamaulendo:
Nanenso ndili ndi yanga yofanana. Kasitomala wadwala, akufuna mng'ono wake apite m'malo mwake. Dzina la bambo ndi limodzi, loyamba lokha ndiye losiyana. Ndingalowere khomo lomweli?

Mayi Wakale Pantchito:
Ayi bambo, yanuyo si yofanana ngakhale pang'ono. Kukonza dzina ndi pamene munthu ali yemweyo, tsiku lobadwa lomwelo, pasipoti yomweyo. Yanuyo ndi kupatsa tikiti munthu wina, ndipo malamulo a makampani ambiri amati tikiti ndi ya mwini dzina yekha. Ndi chifukwa chakenso amauma mtima pa nkhani ya zilembo. Dzina likadamasinthika mwachisawawa, anthu bwenzi akugula mipando yotsika mtengo miyezi isanakwane, n'kumadzaigulitsa modula ulendo utayandikira. Onani malamulo a mtengo wa tikitiyo ngati akulola kubweza ndalama chifukwa cha matenda, mng'onoyo mumugulire yake. Mukayesa kuzembetsa ngati kukonza dzina, ADM, chindapusa chimene kampani ya ndege imalipiritsa ejenti, ikupezani.

Tibwerere kwa Wamatikiti Watsopano. Imbani lero ku ofesi yothandiza maejenti ya kampani imene manambala ake atatu ali koyambirira kwa tikiti, chifukwa eni tikiti ndi amenewo. Mukhale ndi chithunzi cha tsamba la pasipoti pafupi, adzachifuna. Muwauze poyera kuti pali ndege ya kampani ina, musadikire kuti adzionere okha. Mufunse zinthu zitatu: kodi dzina likonzedwa mu PNR yomweyi kapena mupange yatsopano, kodi tikiti atulutsanso iwo kapena inu, ndipo ngati ndi inu, nambala ya chilolezo ndi iti ndipo ilembedwe pati pa tikiti. Zonsezo akutumizireni pa imelo. Mawu a pafoni sadzakuikirani umboni ADM ikadzabwera pakatha miyezi.

Akanena kuti mu PNR yomweyi, mayiwo muwapatule kaye kuti vuto likabuka lisakokere bambo ndi mwana. Ngati ali wachiwiri pa mndandanda wa maina:

```
SP2
RFPAX
EF
```

Kenako mumalize PNR yoyambayo monga mwa masiku onse. Mwanayo atsale ndi bambo ake. Musamusiye yekha mu PNR, makina angamuone ngati mwana woyenda popanda wamkulu.

Akanena kuti mupange yatsopano, ndipo pamene pali kampani ina kawirikawiri amatero, lamulo langa ndi limodzi: yakale isafufutidwe mpaka yatsopano itakhala HK pa ndege zonse, kupita ndi kubwerera, tikiti itatuluka.

Chala Chachangu:
Chabwino amayi, pa zilembo zitatu ndagonja. Koma kusunga mabukingi awiri a munthu mmodzi pa ndege imodzi si kuitana mavuto? Makina a kampani amafufuta okha mabukingi obwereza, ndipo sasankha kuti wabwino ndi uti.

Mayi Wakale Pantchito:
Apo mwalasa. Ndi chifukwa chake zimenezi sizichitidwa mwakachetechete kapena kugonetsa usiku. Mumapanga yatsopano kampani ikudziwa, mumatulutsa tikiti, mumafufuta yakale, zonse pa nthawi imodzi mutakhala pampando womwewo.

Wamatikiti Watsopano:
Ndili pamzere wa foni panopa. Ndikudikira choncho ndayang'ananso mapasipoti enawo ndipo mtima wayambanso kugunda. Dzina loyamba la mwana lili ndi kachizindikiro kaja ka pa ng', monga Ng'ombe timalembera, ine sindinakaike. Ndipo bambowo ali ndi dzina lapakati limene silili pa tikiti. Ndiye kuti onse atatu ndalakwitsa?

Wa Pakauntala:
Pumani kaye. Yang'anani mzere woyamba wa m'munsi mwa pasipoti ya mwanayo. Kachizindikiro kameneko simukapeza, chifukwa m'mizere ya makina amakachotsa, zilembo n'kugundana. Mpata kapena kamzere kolumikiza maina kamasanduka <, ndipo pakati pa dzina la bambo ndi maina enawo pamakhala awiri. Mwachitsanzo, munthu wa dzina la bambo Ng'oma amaoneka chonchi:

```
NGOMA<<TAMANDA<CHIKONDI<<<<
```

Ndiye NGOMA pa tikiti ndi zolondola. Chimodzimodzi ŵ, pa tikiti ndi W wamba. Maina awiri akagundana pa chiphaso chokwerera, monga TAMANDACHIKONDI, kapena MRS akamatirira kumapeto kwa dzina, si cholakwika, ndi mmene makina amasindikizira. Mwanayo musamukhudze.

Za dzina lapakati, kwa ife pakauntala kusowa kwake pa tikiti sikuletsa munthu kukwera nthawi zambiri, bola mu DOCS lilembedwe lonse monga lilili mu pasipoti. Pa ulendo wa ku America onetsetsani kuti mwaliika mmenemo lero.

Mayi Wakale Pantchito:
Pa dzina lapakati ine ndi a Pakauntala timasiyana pang'ono. Alipo makampani amene amalemba m'malamulo awo kuti maina onse a mu pasipoti akhale pa tikiti, ndipo ine ndinaonapo kasitomala akuchedwetsedwa chifukwa cha zimenezo. Poti muli kale pafoni, funsani za bambowo nthawi yomweyo. Akati zili bwino, alembenso zimenezo mu imelo ija.

Wamatikiti Watsopano:
Ndabwerako. Ati NU ayi, chifukwa cha kampani inayo. Ndipange PNR yatsopano ya mayi okha. Kalasi ya mtengo wakale inalipo pa ndege zitatu, koma pa yobwerera ya kampani ina ija inali itadzaza. Mayi amene anandiyankha anandiimika pafoni nthawi yaitali, kenako anabwera ndi mpando m'kalasi yomweyo. Anandipatsa nambala ya chilolezo, ndatulutsanso tikiti mosinthanitsa ndi yakale popanda kuwonjezera mtengo wa ulendo, koma ndalama yokonzera dzina ilipo. Ndalowetsa DOCS yatsopano ndikuwerenga chilembo chimodzichimodzi pa pasipoti. Mayiwo ndawapatula mu PNR yakale n'kufufuta mipando yawo yakale, ya bambo ndi mwana ikadali HK. Za dzina lapakati ati ndingoliika mu DOCS.

Wa Pakauntala:
Mwagwira ntchito. Koma PNR yatsopano imabadwa yopanda kanthu. Mpando umene munawasankhira pafupi ndi mwana, chakudya chapadera ngati anapempha, katundu woonjezera ngati analipira, zonsezo sizisamuka zokha. Muikenso uthenga m'ma PNR onse awiri wonena kuti anthuwa akuyenda limodzi, kuti ndege ikasintha asawamwaze. Ndipo muwatumizire tikiti yatsopanoyo, muwauze kuti yakale aichotse mufoni.

Wamatikiti Watsopano:
Mpando ndinaiwaladi, wapita kale kwa wina, ndawapezera mzere wa kumbuyo kwake. Funso lomaliza: ndalama yokonzera dzinayi alipire ndani? Abwana akuti kasitomala, poti ndinawatumizira ndondomeko ya ulendo tikiti isanatuluke ndipo anayankha kuti zili bwino.

Chala Chachangu:
Abwana akunena zoona. Anavomera yekha, alipire.

Mayi Wakale Pantchito:
Ine sindingawalipiritse. Dzinalo analitchula bwino, chala chimene chinaterereka ndi cha ofesi, ndipo ofesi ndi imene inatulutsa tikiti isanaone pasipoti. Koma abwanawo ndi anu, ine sindidya nawo. Mukawafunse kaye ngati analamulapo kuti tikiti isatuluke popanda chithunzi cha pasipoti, muone mmene ayankhire.

Bambo Zamaulendo:
Ndiye wanga wodwala uja kalata ya kuchipatala ndiitumize kwa eni tikiti omwewo, kapena kwa kampani imene ikuyendetsa ndege?